Bilimankhwe Akamasintha Mtundu, Amakhala Akutani?

Tengani bilimankhwe mumuike pa chitenje chofiira, mudikire mpaka dzuwa lipendeke: safiira. Mumuike pa nsalu ya mizere yoyera ndi yabuluu, mizereyo siituluka pakhungu pake. Chomwe angachite n'kuda, kufufuma, kuyasama ndi kuyamba kufunafuna kolowera. Komabe ambirife tinakula tikudziwa kuti nanzikambe amatengera mtundu wa chilichonse chomwe wapondapo, ndipo ana athu tikuwauza zomwezo. Nkhaniyi sinayambire kwathu kuno. Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, mlembi wina wa ku Roma dzina lake Pliny analemba kuti kanyamaka kamatengera mtundu wa chinthu chomwe kayandikana nacho, kupatula wofiira ndi woyera. Masiku ano bodzali likuyenda pa mafoni. Pali kanema wotchuka wosonyeza bilimankhwe akusanduka wofiira, wabuluu kenako wapinki pomwe akukhudza magalasi amaso a mitundu imeneyo. Kanemayo anali wotsatsa malonda, ndipo mitunduyo anachita kuikamo pa kompyuta.

Zoti bilimankhwe amasintha mtundu n'zoona. Zoti amabisala bwino kwambiri n'zoonanso. Cholakwika n'kumangirira ziwirizi pamodzi ngati kuti china chimachitika chifukwa cha chinzake. Amabisala makamaka ndi mtundu womwe amakhala nawo akakhala phee, palibe chomuvuta. Akayamba kusintha mooneka, nthawi zambiri amakhala akuchita chimodzi mwa ziwiri: kulankhula ndi bilimankhwe mnzake kapena mdani, apo ayi kusamala kutentha kwa thupi lake. Kusintha kofuna kufanana ndi malo kulipo ndithu, koma n'kochepa, ndipo ndi komwe maso athu sakuona msanga.

Zomwe zili pansi pa mamba

Khungu la bilimankhwe lili ndi magawo osanjikizana. Pamwamba penipeni pali kachikopa koonekera mkati. Pansi pake pali maselo osunga utoto wachikasu ndi wofiira. Pansi pa amenewo pali maselo ena omwe alibe utoto uliwonse, koma adzaza ndi timibulu tating'onoting'ono towala, topangidwa ndi chinthu chotchedwa gwanini. Pansi penipeni pali maselo a utoto wakuda wotchedwa melanini, womwewu umene umadetsa khungu ndi tsitsi la munthu.

Maselo a melanini ndi osavuta kuwamvetsa. Selo lililonse lili ndi thunthu pansi, ndi timanja tambiri totalika tomwe timakwera kupyola magawo ena aja mpaka kumtunda. Melanini akasonkhana m'thunthu, timanjato timakhala topanda kanthu, ndipo mitundu yowala ya pamwamba imaoneka bwino. Akamwazikira m'timanja, amaphimba mitundu ija, khungu n'kuda. Kuda ndi kuyera kwa bilimankhwe kumachokera apa, ndipo zimenezi akatswiri anazidziwa kalekale. Cha m'ma 1928, Lancelot Hogben ndi mnzake Louis Mirvish ku Cape Town anasonyeza kuti chomwe chimalamula ntchitoyi ndi mitsempha yochokera ku ubongo ndi msana. N'chifukwa chake bilimankhwe amatha kudetsa mbali imodzi ya thupi, ina n'kukhala yoyera: lamulo limapita pamalo pomwe likufunika, silimwazika thupi lonse.

Chomwe chinakhala chinsinsi kwa nthawi yaitali n'chakuti zimatheka bwanji kuti bilimankhwe achoke pa mtundu wobiriwira n'kufika pa wachikasu, walalanje kapena wofiira. Melanini sangachite zimenezo, iye amangodetsa. Yankho linatuluka mu 2015 kuchokera ku yunivesite ya Geneva ku Switzerland, m'gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Michel Milinkovitch. Iwo anagwiritsa ntchito bilimankhwe wa ku Madagascar yemwe amamutcha pantha, amene wamwamuna wake amakongola mochititsa kaso. Madagascar ndi kwawo kwa pafupifupi theka la magulu onse a abilimankhwe padziko, omwe alipo opitirira 200.

Ofufuzawa ankaonetsa wamwamuna mmodzi mnzake wamwamuna, n'kumajambula. M'mphindi imodzi kapena ziwiri, malo obiriwira ankasanduka achikasu kapena alalanje, ndipo abuluu ankayera. Kenako anatenga tizidutswa ta khungu, tina bilimankhweyo ali phee, tina atalusa, n'kutiunika ndi makina amphamvu okuza zinthu. Anapeza kuti timibulu ta gwanini tija tayalidwa m'mizere yolongosoka bwino. Kambulu kamodzi n'kotalika mananomita pafupifupi 130. Kuti mupeze nanomita imodzi muyenera kugawa milimita imodzi ka 1,000,000. Kukula kwa timibuluto sikunkasintha ayi. Chomwe chinkasintha ndi mpata wa pakati pawo: pa khungu la bilimankhwe wodekha, mpatawo unali wocheperako ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 poyerekeza ndi wa wolusa.

Mpata umenewu ndi umene umasankha mtundu. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera koma kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, ndipo mtundu uliwonse umayenda m'mafunde a utali wakewake. Mafunde a buluu ndi afupiafupi, a wofiira ndi ataliatali. Timibulu tikathithikana timabweza mafunde afupi, ndiye kuti buluu. Tikatalikirana timabweza ataliko, ndiye kuti chikasu, lalanje mpaka wofiira. Zili ngati dontho la petulo likagwera pa chithaphwi: mumaona mitundu ya utawaleza pamadzipo chonsecho petuloyo alibe utoto umenewo, kungoti kupyapyala kwake n'komwe kukusewera ndi kuwala.

Apa pakutuluka chinthu chodabwitsa: m'khungu la bilimankhwe wobiriwira mulibe utoto wobiriwira. Timibulu tothithikana timabweza buluu, buluuyo potuluka amadutsa m'maselo achikasu a pamwamba, ndipo diso lathu limaona chobiriwira. Mpata ukakula, buluu uja amachoka, n'kutsala chikasu kapena lalanje.

Kuti atsimikize, ofufuzawo anatenga kachidutswa ka khungu komwe timibulu take tinali totalikirana n'kukaviika m'madzi a mchere wambiri. Mcherewo unakoka madzi a m'maselo, maselo anafwapa, timibulu tinayandikana, ndipo mtundu unabwerera cha ku buluu iwo akuonerera. Panalibe ubongo, panalibe diso, panalibe tsamba lililonse loti khungulo litengere. Kuyesa kumeneku ndimakukonda chifukwa n'kosavuta ndipo sikusiya mpata wotsutsa: mtundu unatsatira mtunda wa pakati pa timibulu basi.

Anapezanso kuti pansi pa gawo limeneli pali gawo lina la timibulu tokulirapo, tosayalidwa bwino. Itoti sitisintha mtundu, koma timabweza gawo lalikulu la mphamvu ya dzuwa yomwe maso athu saiona koma khungu limaimva ngati kutentha. Iwo anaona kuti gawo limeneli liyenera kuti limateteza nyamayi ku dzuwa loswa mtengo. Ndipo gawo la pamwamba lija, losintha mitundu, limakhwima mokwanira mwa amuna akuluakulu okha. Mwa akazi ndi ana a gulu limeneli n'losakwanira. Mfundo imeneyi payokha ikupereka funso: ngati luso losintha mitundu linali lobisalira adani, bwanji ana, omwe amadyedwa kwambiri, ali nalo lochepa?

Khungu lolankhula

Funso lotereli ndi lomwe Devi Stuart-Fox ndi Adnan Moussalli anakalondola ku South Africa, ndipo zomwe anapeza anazitulutsa mu 2008. Dziko limeneli lili ndi tiabilimankhwe tating'ono ta magulu ambiri, tina ta m'nkhalango zowirira, tina ta m'udzu, tina ta m'zitsamba za m'mapiri. Iwo anayeza magulu 21. Maganizo awo anali otere: ngati kusintha mtundu kunabwera chifukwa chobisala, ndiye kuti magulu okhala pamalo a mitundu yambiri ayenera kukhala akatswiri osintha kuposa okhala pamalo a mtundu umodzi. Anakumanitsa amuna awiriawiri pa nthambi, n'kuyeza ndi makina mtundu wa wopambana ndi wa wogonja, n'kuyezanso mitundu ya masamba ndi nthambi za kwawo kwa gulu lililonse.

Sanapeze mgwirizano pakati pa luso losintha ndi kuchuluka kwa mitundu ya pamalo. Chomwe anapeza n'chakuti magulu osintha kwambiri ndi omwe amuna ake amaonetsa mitundu yowala kwambiri pokangana, yosiyana kutalitali ndi masamba owazungulira. Kunena kwina, luso limeneli linakula kuti bilimankhwe azitha kuonekera. Ubwino wake ndi wakuti amaonekera kwa kanthawi kochepa. Mbalame yamwamuna ya nthenga zowala imayenda nazo tsiku lonse, kabawi akuiona. Bilimankhwe amawala kwa mphindi zochepa, uthenga ukafika n'kubwerera ku mtundu wake wobisalira.

Mkangano wa amuna awiri umayenda mwadongosolo. Akaonana patali, aliyense amatembenuka kuonetsa nthiti, amapyapyalitsa thupi kuti aoneke wamtali kuchokera kumsana kufika kumimba, amatupitsa khosi ndi kupinda mchira, uku mitundu ikuwala. Russell Ligon ndi Kevin McGraw a ku yunivesite ya Arizona State ku America anajambula mikangano yotereyi pa kafukufuku yemwe anatuluka mu 2013, pogwiritsa ntchito bilimankhwe wachisoti wa ku Yemen ndi Saudi Arabia. Anapeza kuti yemwe mizere yake ya m'nthiti yawala kwambiri ndi amene kawirikawiri amayamba kuyandikira mnzake. Akayandikana n'kuyang'anizana mutu ndi mutu, chofunika chimakhala mutu: yemwe mutu wake wawala kwambiri, komanso mofulumira, ndi amene nthawi zambiri amapambana. Mikangano yambiri imatha asanalumane n'komwe. Wogonja amada, amadzichepetsa thupi n'kutembenuka, ndipo kudako ndi mawu akuti "ndagonja, ndisiye."

Akazi nawo amalankhula. Wamkazi yemwe ali wokonzeka kukwerana amakhala ndi mtundu wofewa, wosawala kwambiri, ndipo salusa wamwamuna akamayandikira. Yemwe ali kale ndi mazira amachita zosiyana. Wamkazi wa pantha amada bii n'kutulutsa mawanga alalanje kapena apinki. Wa ku Yemen amada n'kutulutsa madontho abuluu ndi achikasu. Amawonjezera kuyasama ndi kugwedezeka, wamwamuna n'kudziwa kuti apa palibe chake.

Anthu amakonda kunena kuti bilimankhwe amasintha malinga ndi mmene akumvera mumtima. Mawuwa ndi othandiza koma tisawatengere patali. Sitikunena za chisoni kapena chimwemwe ngati cha munthu. Tikunena za mikhalidwe ingapo yomwe imaoneka: kulusa, kufunsira, kukana, kugonja ndi mantha. Uliwonse uli ndi choyambitsa chake chomwe mungachiloze ndi chala, ndipo choyambitsacho chikachoka mtundu umabwerera.

Umboni wina wochititsa chidwi unachokera ku Hawaii. Mu 1972 munthu wina wogulitsa ziweto anaitanitsa abilimankhwe a nyanga zitatu pafupifupi 36 kuchokera ku Kenya, n'kuwamasula kuseri kwa nyumba yake pa chilumba cha Oahu kuti atsitsimuke pambuyo pa ulendo. Anabalalika n'kuswana. Ku Hawaii kulibe njoka za m'mitengo, ndipo mbalame zodya abilimankhwe n'zochepa. Patatha zaka pafupifupi 50, Martin Whiting ndi anzake anayerekeza zidzukulu za abilimankhwe amenewa ndi abale awo a ku Kenya. Mu 2022 analengeza kuti amuna a ku Hawaii amawala kwambiri pokangana ndi pofunsira kuposa a ku Kenya, ndipo akaonetsedwa chifanizo cha mbalame kapena njoka sabisala bwino ngati a ku Kenya. Mdani atachepa, mbali yolankhula inakula. Zikuonetsa kuti ntchito ziwirizi zimakokana, ndipo mtundu wa bilimankhwe aliyense umaima penapake pakati pa kufuna kuonedwa ndi mnzake ndi kuopa kuonedwa ndi womudya.

M'mawa wa Juni

Bilimankhwe sapanga kutentha kwake m'thupi ngati mmene timachitira ife. Amadalira dzuwa. Thupi likazizira, miyendo imalemera, lilime likaponyedwa limachedwa kubwerera m'kamwa, ndipo chakudya sichigayika bwino. Chinthu chakuda chimamwa kutentha msanga kuposa choyera, choncho khungu lotha kuda ndi kuyera ndi chida chachikulu kwa nyama yotere.

Tiyeni timutsatire bilimankhwe wamba wa kwathu kuno, uja wobiriwira wokhala ndi tizikopa tiwiri kuseri kwa mutu ndi mzere woyera m'munsi mwa nthiti, yemwe timakumana naye akuwoloka msewu nthawi ya dzinja. Tinene kuti ndi mwezi wa Juni, ndipo wagona pa kanthambi ka mpanda wa maluwa.

Usiku amakhala wotumbuluka, wobiriwira motuwa kapena wachikasu chofewa, mchira ataupinda. Akagona melanini amabwerera pansi. Pa nthawiyi saoneka ngati tsamba n'komwe, ndipo ukamuunika ndi tochi amaonekera patali pakati pa masamba akuda. N'chifukwa chake ofufuza amasaka abilimankhwe usiku: masana ungadutse khumi osaona ndi mmodzi yemwe. Chimamuteteza usiku si mtundu koma malo ogona. Amasankha kumapeto kwa kanthambi kowonda, koti njoka ikangokakhudza kamagwedezeka, iye n'kudzigwetsa pansi.

Dzuwa likatuluka amasendera pomwe pali kuwala. Amatembenuza nthiti imodzi kuloza dzuwa, n'kupyapyalitsa thupi kuti malo olandira kutentha akule. Mbali yoloza dzuwayo imada, nthawi zina mpaka bii, pomwe mbali ya kumthunzi imatsala yobiriwira. Mukayang'anitsitsa muona chinthu china chokongola: ngati tsamba kapena kanthambi kanatchinga dzuwa penapake pa nthitiyo, iye akasuntha pamatsala chithunzi chotuwa cha tsambalo kwa kanthawi. Khungu limada pomwe kuwala kwagunda, pobisika n'kutsala poyera. Taonani kuti zimenezi n'zosemphana ndi kubisala. Wofuna kufanana ndi malo akanayera pamalo owala n'kuda pamalo amdima, koma iyeyu akuchita motembenuza. M'mawa wotere amalolera kuonekera pang'ono pofuna kutentha, chifukwa bilimankhwe wozizira sangathawe msanga.

Ofufuza awiri a ku America, Michael Walton ndi Albert Bennett, anayeza zimenezi pa abilimankhwe a ku Kenya, kuphatikizapo gulu lomweli la kwathu, n'kulemba mu 1993. Thupi likakhala pa madigiri 20 khungu linkada, likafika pa madigiri 35 linkayera. Ku chipululu cha Namib kuli bilimankhwe woyenda pansi yemwe amaonetsa zomwezi mopitirira: m'mawa amakhala wakuda, masana wotuwa ngati mchenga.

Wathu uja akatenthedwa mokwanira amabwerera ku mtundu wake wa masiku onse n'kulowa m'masamba kukadikira ziwala. Apa ndi pomwe wabisala zenizeni, ndipo apa khungu silikuchita chilichonse chapadera. Kukanakhala kuti ndi Okutobala, masana akanayera kwambiri, n'kutsikira kumthunzi, ndipo kutentha kukapitirira akanayasama kuti apumire kukamwa.

Tsopano mwana wamuona n'kumutosa ndi kamtengo. M'kanthawi kochepa thupi lonse limada, mbali zonse ziwiri, n'kutuluka madontho. Amadzipopa mpweya, amatukula tizikopa ta kumutu tija, amatupitsa khosi mpaka khungu lalalanje la pakati pa mamba lionekere, amayasama kuonetsa m'kamwa mwachikasu, n'kumachita phyoo. Uku si kubisala. Waona kuti kubisala kwakanika, ndiye akufuna aoneke wamkulu ndi woopsa. Alibe ululu uliwonse, ngakhale ambiri amakhulupirira kuti ali nawo. Wamkulu akhoza kukutsina ndi timano take ukamufinya, koma zimathera pomwepo. Kalilombe, uja wamkulu wa mizere yachikasu yemwe amapitirira theka la mita, nayenso akaopsedwa amatulutsa madontho akuda thupi lonse.

Apa ndi pomwe pagona chifukwa chomwe nkhani ya chitenje ija imakhulupirikira. Munthu akafuna kuyesa, amayamba wamugwira bilimankhweyo. Kumugwirako kumamuopsa, ndiye amada. Akamuika pa dothi lakuda kapena pa nsalu yakuda, oonerera amati, "Mwaona, watengera!" Akamubwezera m'masamba n'kumuleka, mantha amatha, amabiriwiranso, iwo n'kunenanso kuti watengera masamba. Kawiri konseko chomwe chasintha ndi mantha, osati malo. Akanamuika ali wamantha pa pepala loyera, akanakhala wakuda chimodzimodzi.

Nanga kubisalako?

Tisapitirire malire n'kunena kuti bilimankhwe sasintha konse pofuna kubisala. Amatero, koma mkati mwa mitundu yochepa yomwe gulu lake linabadwa nayo. Wathu wamba amatha kuyenda pakati pa chobiriwira, chachikasu, chotuwa ndi chofiirira ngati khungwa, ndipo amatha kuwalako kapena kuderako pang'ono molingana ndi pomwe ali. Sangatengere mawanga a chinthu. Nyama zomwe zimachita zimenezo mwaukatswiri zili m'nyanja za mchere, monga okutopasi, yemwe amasintha mtundu ndi mawanga m'kuphethira kwa diso.

Stuart-Fox, Moussalli ndi Whiting anaonetsa mu 2008 kuti kusintha kochepa kumeneku kuli ndi nzeru zake. Anatenga kabilimankhwe kena ka ku South Africa n'kumakaonetsa adani awiri mosinthanasinthana: mbalame yodya tinyama yomwe anaiumika, ndi chifanizo cha njoka ya m'mitengo. Kakaona mbalame kankafananitsa mtundu wake ndi nthambi mosamala kwambiri kuposa kakaona njoka. Mbalame zimasiyanitsa mitundu bwino kuposa njoka, choncho pamaso pa njoka kufanana pang'ono kunali kokwanira. Kanyamaka kamazindikira kuti mdani ndani, n'kuchita molingana naye.

Koma gawo lalikulu la kubisala kwa bilimankhwe silili mu kusintha mtundu. Thupi lake ndi lopyapyala ngati tsamba. Kayendedwe kake kogwedezeka, kopita kutsogolo n'kubwerera pang'ono, kamasokoneza diso lomwe likufunafuna chinthu choyenda molunjika pakati pa masamba ogwedezeka ndi mphepo. Maso ake amayang'ana mbali zonse popanda kutembenuza mutu, ndiye sasowa kusuntha kuti aone. Ndipo mukamuyandikira ali pa nthambi, amazungulira mwakachetechete kuseri kwa nthambiyo n'kudziwongola kuti nthambi ikhale pakati pa inu ndi iye. Mukazungulira, iyenso amazungulira. Zonsezi zimamuthandiza kwa kabawi, kwa nalikukuti ndi kwa mwana wa legeni kuposa mmene utoto ungamuthandizire.

Umboni wina uli m'nkhalango za m'mapiri athu. Pa Mulanje, pa Nyika ndi m'mapiri a ku Nsanje muli tiabilimankhwe tating'ono ta mchira waufupi tomwe timakhala pansi pakati pa masamba ouma. N'tofiirira, tina tili ndi timizere tonga mitsempha ya tsamba, ndipo tikaopsedwa timangouma gwa ngati tafa. Pa nkhani yobisala n'takatswiri, chonsecho timasintha mtundu pang'ono kwambiri, kungoderako kapena kuyerako. Ka ku Nsanje, komwe Colin Tilbury anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1992, n'kotalika masentimita 5 ndi theka basi, ndipo kwawo kwenikweni ndi nkhalango ya mapiri a Malawi Hills. Nkhalangoyo inatha magawo pafupifupi 80 pa 100 kuchokera mu 1984, moti akatswiri ankaopa kuti kanyamaka kanatheratu mpaka pomwe gulu la Krystal Tolley linakakapeza mu 2016 m'tizigawo ta nkhalango totsala. Mtundu wa tsamba louma umagwira ntchito pomwe pali masamba ouma ndi mthunzi wa mitengo. Pa munda wa chimanga suthandiza kanthu, ndipo kanyamaka sikangasinthe kuti kafanane ndi mundawo.

Tsono mukaona bilimankhwe wakuda, mungadziwe bwanji chomwe chamudetsa? Mtundu pawokha sukuuzani, chifukwa kuzizira, mantha, kugonja ndi matenda zonse zimadetsa. Yang'anani kaye nthawi ndi mbali. Ngati ndi m'mawa, wada mbali yoloza dzuwa yokha, wapyapyala koma kukamwa n'kotseka ndipo maso akuyenda mwa masiku onse, akuwotha dzuwa. Ngati wada thupi lonse mwadzidzidzi, ali ndi madontho, wafufuma ndipo maso onse awiri ali pa chinthu chimodzi, tsatirani komwe masowo aloza: mupeza njoka, mphaka, bilimankhwe mnzake, kapena mupeza kuti akuyang'ana inuyo. Ngati wakhala wakuda tsiku lonse ngakhale kukutentha, maso alowa mkati kapena watsinzina masana, ndipo akugwira nthambi mofooka, ameneyo akudwala kapena wavulala.

Kuyera nakonso kuli ndi zifukwa zingapo. Usiku ndi tulo. Masana otentha, makamaka akayasama ali pamthunzi popanda womuopsa, ndi kutentha. Ngati khungu laoneka lotuwa ngati lathiridwa phulusa ndipo patapita masiku layamba kusweka m'zigamba zoyera, akufundula, ndipo kumeneko si kusintha mtundu ayi. Pomwe kusintha kobisalira kumakhala kwapang'onopang'ono ndi kosachititsa chidwi: thupi silitupa, kukamwa sikutseguka, nyamayo imangoima chilili kapena kuzungulira kuseri kwa nthambi, n'kumavuta kuiona.

Zonsezi mukhoza kudzionera nokha popanda makina. Mvula ikayamba ndi pomwe amapezeka kwambiri. Tengani tochi madzulo, muunike m'mpanda wa maluwa kapena m'zitsamba za kudimba, ndipo mukapeza kanthu kotuwa kumapeto kwa nthambi muike chizindikiro pamalopo. Mubwereko m'mamawa dzuwa lisanafike pa nthambiyo, mukhale patali mamita angapo, mudikire. Musamugwire, chifukwa mukatero mungoona mtundu umodzi wokha, wa mantha. Ana atengeni aone nawo, ndipo muwaletse kumugenda kapena kumuthira fodya m'kamwa monga ena amachitira. Bilimankhwe alibe ululu, ndipo chakudya chake ndi ziwala, ntchentche ndi tizilombo tina ta m'munda mwanu momwemo.